Zomwe ndimasiya pa shafuti isanapite ku ng'anjo

Shafuti ya chigayo cha ku Linthipe yomwe ndinapatsidwa kuti ndiseme inali ya chitsulo cha EN19, yotalika 400 mm, ndipo pokhala beyaring'i ya 6208 pankafunika 40 k6. Muyezo umenewu umatanthauza kuti ikatha ntchito yonse, kunenepa kwake kukhale pakati pa 40.002 ndi 40.018 mm. Ine ndimalunjika pakati, pa 40.010. Kuno kwathu ku Dedza ndimangosema. Kuwotcha mu ng'anjo kuti chitsulo chilimbe ndi kunola pa mwala zimachitikira ku Lilongwe, choncho chomwe ndasiya pa makina anga ndi chomwe wonola akapeze. Ndikasiya chochepa, palibe wobwezerapo.

Ndisanayambe ndinaimbira mkulu wa ng'anjo ya ku Lilongweyo. "Bambo, ng'anjo yanu imadya chitsulo chochuluka bwanji pamwamba?" Iwo anati ndiwerengere 0.08 mm mbali iliyonse, chifukwa ng'anjo yawo imalowa mpweya. Chitsulo chikatentha mpaka cha m'ma 850°C, mpweya umayamwa kaboni wa pamwamba, ndiye khungu lakunjalo limatsala lofewa ngakhale m'kati mwalimba. Khungu limeneli liyenera kuchoka lonse, apo ayi beyaring'i idzapadya n'kuyamba kugwedera. Popeza lazungulira shafuti yonse, pa kunenepa ndimawerengera kawiri: 0.16 mm.

Chachiwiri ndi kupindika, ndipo apa ndi pomwe anzanga ambiri amaluzira chitsulo. Shafuti yotentha ikamizidwa mu oyilo imakhota ndithu, makamaka ngati ili ndi mpata wa kiyi mbali imodzi. Ukaiika pakati pa masenta, nsonga ziwiri zoigwira kumapeto onse awiri, n'kuizunguza, geji ya wotchi imaonetsa kuvina kwake. Nambala yonse yomwe muvi wayenda, kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndi yomwe iyenera kuchoka pa kunenepa kuti mwala ukhudze mbali zonse. Ikavina 0.15 mm, ndiye kuti 0.15 wapita kale pongowongola, khungu lofewa lija lisanayambe kuchoka ku mbali yolowa m'kati.

Ndiye ndinasema molimba mpaka kutsala pafupifupi milimita imodzi, ndinaitumiza kuti akaitenthetse pa 620°C n'kuisiya izizire pang'onopang'ono kuti kukokana kwa m'kati mwa chitsulo kuthe, kenaka ndinamalizitsa pa 40.45 mm. Ulendo wowonjezerawu mwini chigayo sanaukonde, koma pa shafuti yaitali kakhumi kuposa kunenepa kwake ine sindiudumpha. Pa phewa ndinasiya ngodya yozungulira, osati yakuthwa, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Ndinapemphanso a ku ng'anjo kuti poimiza mu oyilo ilowe choimirira, osati chogona.

Itatuluka m'moto, ine ndi wonola tinayamba ndi kutsuka timabowo ta masenta, popeza makoko a moto akatsalamo geji imanama. Inavina 0.15 mm. Kuwerengera kwake kunali kotere: kuchokera pa 40.45 kufika pa 40.01 pali 0.44 mm, kupindika ndi khungu lofewa pamodzi zikufuna 0.31, kutsala 0.13 womalizira. Ikanavina 0.35, zonse pamodzi zikanafuna 0.51, kuposa zomwe ndinasiya, ndipo tikanayenera kuiwongola kaye pa pulesi tisanayatse mwala. Chizindikiro cha shafuti yoperewera sichivuta kuona: muyezo wakwana koma mbali imodzi padakali chigamba chakuda chomwe mwala sunafikepo, kapena tupa ikugwira pomwe imayenera kuterera.

Wina anganene kuti basi tisiye milimita yathunthu kuti tisadandaule. Ine sindivomereza. Mwala umachotsa pang'ono kwambiri, mwina 0.02 mm pa ulendo, ndiye wonola akatopa amayamba kukanikiza, chitsulo chimapsa, chimaoneka chofiirira kapena chabuluu, pamwamba pamafewanso kapena kung'aluka. Ndipo shafuti ikakhala yolimbitsidwa pamwamba pokha, chilichonse chomwe mwala wachotsa chikuchepetsa gawo lolimbalo.

Ponola, tinachotsa mwachangu mpaka 40.05, tinayeretsa mwala ndi dayamondi, kenaka n'kumatsika ndi 0.005 mm, pomaliza tikulola mwala kuyenda wokha mpaka nthethe za moto zitatha. Sitinayeze nthawi yomweyo. Pa 40 mm, chitsulo chikafunda ndi madigiri 10 chimafufuma pafupifupi 0.005 mm, pomwe mpata wonse wololedwa ndi 0.016 basi. Miyezo imawerengeredwa pa 20°C, ndiye shafuti ndi maikolomita ziyenera kukhala malo amodzi mpaka zifanane kutentha. M'mawa wa mu Juni kuno, maikolomita yofunda m'thumba pa shafuti yozizira ikhoza kukusokeretsa. Itazizira tinayeza malo atatu, paliponse mopingasa kawiri, ndipo inawerenga pakati pa 40.009 ndi 40.012.