Kashiamu ali bwino, koma mafupa akutha

Ndangotuluka kwa dokotala ndi amayi, mutu sukugwira. Pepala likuti kashiamu m'magazi ali pa 2.3, mlingo wabwinobwino, ine n'kuyamba kumwetulira. Adokotala akuti ayi, taonani mizere yapansiyi: homoni ya parathairoidi yakwera, vitamini D watsika.

Kani tiziwalo tinayi tapakhosi, tating'ono ngati njere za mpunga, tikaona kuti kashiamu akuchepa m'magazi timatulutsa homoniyi kuti akakumbidwe m'mafupa. Vitamini D akachepa, matumbo sayamwa kashiamu wokwanira, ndiye mafupa ndi amene akhala akulipira ngongoleyi mwakachetechete. Mpake amayi podzuka pamphasa amachita kugwira mawondo.

Chikundiwawa n'chakuti chaka chonsechi takhala tikuwathamangira ndi bonya ndi mkaka, iwo ali chibindikirire m'chipinda, chikhalirecho khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa. Dzuwa laulereli!