Mmene ndinagwirizanitsira lipoti lolembedwa ndi anthu anayi

Lipoti la pachaka la gulu lathu lodzala mitengo kuno ku Mzuzu tinalemba anthu anayi, aliyense chigawo chake pa kompyuta yake. Mayi msungichuma anatumiza chawo kuchokera ku Chibavi, achimwene a ku Luwinga anabwera nacho pa fulashi. Nditaziphatikiza mu Word zinakwana masamba 38, koma zooneka ngati nsalu ya zigamba. Wina analemba ndi Calibri 11, wina Times New Roman 12, ndipo mitu aliyense anaikongoletsa mmene anafunira.

Chimene chinandionetsa gwero la vuto ndi m'ndandanda wa zamkatimu. Ndinapita pa References, ndikudina Table of Contents, ndipo Word inangondiyankha kuti "No table of contents entries found." Mitu inalipo yoposa 20, ndikuiona ndi maso angawa. Koma Word sinkaidziwa ngati mitu. Kwa iyo anali mawu wamba amene munthu wawakulitsa ndi kuwadetsa pamanja. Word imazindikira mutu pokhapokha wavekedwa sitayilo ya mutu, monga Heading 1.

Ndinasunga kope lina padera, kenako ndinayamba ndi masitayilo, osakhudza kaye mawu. Pa Home pali bokosi la Styles. Ndinadina kumanja pa Normal, ndikusankha Modify, ndikuika Times New Roman 12. M'bokosi lomwelo, pa Format kenako Paragraph, ndinaika mpata wa mizere pa 1.15, ndipo pa After ndinaika 8 pt. Ka After aka ndiko kamasiya mpata pansi pa ndime iliyonse, moti munthu safunikanso kumenya Enter kawiri. Heading 1 ndinaipatsa 16 ndi kuchonga Page break before kuti chigawo chilichonse chiziyambira tsamba latsopano. Heading 2 ndinaipatsa 13, ndikuonetsetsa kuti Keep with next ndi yochongedwa, kuopa kuti mutu ungatsale wokha pansi pa tsamba pamene mawu ake adumphira kuseri. Kabokosi ka Automatically update ndinakasiya kosachonga. Mukakachonga, wina akangopendeketsa mutu umodzi, mitu inzake yonse imapendekera limodzi.

Apa ndinkayembekeza kuti lipoti lonse lasintha. Ayi ndithu, chigawo cha achimwene chinakakamirabe pa fonti yake. Chifukwa chake n'chakuti zimene munthu waika pamanja zimakhala pamwamba pa sitayilo ngati penti, ndipo sitayilo sioneka mpaka pentiyo itapalidwa. Kupala kwake n'kosavuta: musankhe mawuwo, Ctrl+Space ichotsa fonti ndi kukula kwa zilembo koikidwa pamanja, Ctrl+Q ibweza mipata ya ndime ku zimene sitayilo ikunena.

Pomwepa ndi pamene ndinadzipweteka. Ndinasankha chigawo chonse cha nazale ndi kumenya Ctrl+Space, osadziwa kuti imachotsanso kupendeketsa. Mayina a sayansi a mitengo, monga Khaya anthotheca wa mbawa, amayenera kupendekera, ndipo onse anawongoka. Ndinabweza ndi Ctrl+Z, ndikuyamba ndawaveka sitayilo ya Emphasis kuti ndiziwazindikira, kenako ndikumapala ndime ndi ndime mowalambalala, chifukwa Ctrl+Space imavulanso ngakhale sitayilo ya zilemboyo. Zinanditengera madzulo onse, kunja kukuwaza kamvula kathu kozizira ka mu Juni.

Mitu inali yofulumira. Ndinkaima pa mutu, Ctrl+Alt+1 ngati ndi waukulu, Ctrl+Alt+2 ngati ndi waung'ono. Ndinatsegula Navigation Pane pa View, ndipo mutu uliwonse umene ndauveka unkatulukira kumanzere. Umene sukuoneka pamenepo ndiye kuti ndaudumpha. Pakaoneka mzere wopanda mawu, ndiye kuti Enter yopanda kanthu yavala sitayilo ya mutu.

Ma Enter opanda kanthuwo ndinawaona nditamenya Ctrl+Shift+8, imene imaonetsa chizindikiro cha ¶. Pena analipo asanu ndi awiri otsatizana, munthu akukankhira mutu ku tsamba lina. Ndinatsegula Replace ndi Ctrl+H, ndikulemba izi:

```
Find what: ^p^p
Replace with: ^p
```

Ndinabwereza Replace All mpaka palibenso chosintha. Masamba anatsika kufika pa 33, ndipo nditadina Update Table pa References, m'ndandanda wa zamkatimu unatuluka wokha ndi manambala a masamba.

Mawa lake apampando anaimba. "Mwana wanga, mitu ija yakula kwambiri, tachepetsako." Ndinati, "Chabwino bambo, dikirani pang'ono." Ndinasintha Heading 1 kuchoka pa 16 kufika pa 14, ndikudina Update Table, ndipo tisanadule foni mitu yonse inali itatsika.

Fayilo ija ndinaichotsa mawu ndi kuisunga ngati Word Template, ya .dotx, ndipo anzanga atatu aja ali nayo tsopano. Ndinawapempha kuti akamamata mawu ochokera kwina azisankha Keep Text Only, ndi kuti mutu aziuveka kuchokera pa Styles. Mayi msungichuma atumiza kale chigawo chawo cha miyezi itatu yoyambirira, ndipo nditachimata sindinakonzepo kanthu kupatula tebulo limodzi la ndalama.