Tsamba loyamba la pulopozo yathu ya mabiriketi

Bizinesi yathu ili ku Mchinji. Timagula makoko a mtedza kwa alimi, kuwawotcha mu diramu, kusinja, kusakaniza ndi phala la chinangwa, kenako kuumba mabiriketi ophikira. Titafuna kuti sukulu ina yogonera komweko iyambe kugula kwa ife m'malo mwa nkhuni, tinalemba pulopozo ya masamba 12. Koma ahedi a sukulu yotere, omwe makolo, aphunzitsi ndi ogulitsa chimanga amawadikira pakhomo, sawerenga masamba 12. Amaona chidule cha patsamba loyamba basi, ndipo pa mphindi imodzi munthu sapitirira mawu ngati 200.

Chidule choyamba chinkayamba ndi chaka chomwe gulu lathu linakhazikitsidwa, chiwerengero cha amayi omwe timawalemba ntchito, ndi kutha kwa mitengo m'dziko muno. Zonsezo n'zoona, koma sizimene zimawasowetsa tulo ahedi. Chowavuta iwo ndi ndalama ya nkhuni, komanso nsima kuchedwa m'dzinja nkhuni zikanyowa.

Ndiye tinatembenuza. Msungichuma wa sukuluyo anali atatiuza kuti nkhuni zimawadyera K600,000 pamwezi, ndipo mzere woyamba unakhala uwu: “Sukulu yanu imalipira K600,000 pamwezi pa nkhuni. Mabiriketi athu aphika chakudya chomwecho pa K450,000, ndipo pa miyezi 9 mutsala ndi K1,350,000.” Nambala yawo ndi imene iyenera kutsogola, chifukwa munthu sakangana ndi zomwe zili m'mabuku ake. Mawu ngati “otchipa” ndi “apamwamba” tinawachotsa, poti wogulitsa aliyense amanena zomwezo.

Ndime yachiwiri ndi yomwe tinakangana nayo kwambiri. Anzanga ena sankafuna kuti titchule zovuta, koma tinazilemba: mabiriketi amafuna chipinda chosadontha, ndipo m'ng'anjo mumafunika chitsulo cha mabowo kuti mpweya uzilowa pansi. Ophika akanazitulukira ndithu tsiku loyamba, ndiye kuli bwino ahedi azimve kwa ife, limodzi ndi mtengo wa chitsulocho.

Pomaliza tinaika pempho limodzi lokha, loti atilole kuyesa pa mphika umodzi wa nyemba kwa masabata awiri, mabiriketi ake ali aulere. Nyemba zimadya moto, choncho zikapsa pa nthawi yake sipakhalanso zokambirana zambiri. Kusayina kontirakiti ya chaka kumafuna komiti, pomwe kuyesa mphika umodzi ahedi atha kuvomera okha.

Tisanatumize, tinapatsa pepalalo mlamu wanga, telala yemwe sadziwa za mabiriketi. Mphindi itakwana tinamulanda, n'kumufunsa kuti sukulu ipindula zingati ndipo tikupempha chiyani. Ndalama anaitchula bwinobwino, koma pempho analiphonya chifukwa linabisala pakati pa ndime. Tinalipatsa mzere wakewake, m'zilembo zakuda kwambiri, ndipo nkhani ya amayi athu ija inasamukira patsamba 4.