Impela ya pampu yakudimba: pomwe ndafika sabata ino

Pampu yanga yaing'ono ya sola yomwe ndakhala ndikuikonza, ya mavoti 12, yatunga madzi tsopano. Chinatsala chinali impela, kagudumu kamapiko kamene kamazungulira mkati n'kumakankha madzi. Yakaleyo inali yapulasitiki, mapiko awiri anathyoka ndipo bowo lapakati linakula mpaka shafiti imangozungulira yokha. Pampu zoterezi sagulitsa impela payokha, kuno ku Salima ngakhale ku Lilongwe amakuuza kuti gula pampu yonse. Ndiye panali njira ziwiri: kuisindikiza pa pulinta ya 3D ya mnzanga wa ku Senga Bay, kapena kukaisemetsa pa lefu, makina osemera zitsulo, kwa amisiri a ku Kamuzu Road.

Miyezo yake ndi iyi. M'mimba mwake ndi mamilimita 62, mapiko alipo 6 okhotera kumbuyo, ndipo shafiti ya mota ndi ya mamilimita 8, yosemedwa mbali imodzi kuti pakhale pophwatalala. Mota imazungulira pafupifupi maulendo 2,800 pa mphindi.

Ndinayamba kwa amisiri a lefu, bambo achikulire amene amasema mabushi a zigayo ndi a njinga zamoto. Anaitembenuzatembenuza impela ija, kenako anati, "Achimwene, bowoli ndi thupi lake lozungulirali ndikupangirani musanamalize botolo la zoziziritsa kukhosi. Koma mapikowa pitani nawo kwina." Ananena zoona. Lefu imazunguza chitsulo, mpeni n'kumasenda, choncho chilichonse chotuluka pamenepo chimakhala chozungulira: shafiti, bushi, pule. Mapiko okhota amafuna makina amene mpeni wake ndiwo umayenda m'mbali, makamaka oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo pa makina amenewo ndalama zambiri zimathera pokonzekera: kulemba njira ya mpeni, kumanga chitsulo, kuyesa. Ukamapanga zinthu 100 mtengowo umagawanika. Ukamapanga chimodzi umausenza wekha wonse, ndipo umaposa mtengo wa pampu yatsopano.

Pulinta ya 3D ilibe nazo ntchito zokhotazo. Imasungunula ulusi wapulasitiki wa mamilimita 1.75, n'kumauyala mizeremizere kuchokera pansi, ndiye phiko lokhota ndi phiko lowongoka kwa iyo n'chimodzimodzi. Ndinajambula impela mu FreeCAD, pulogalamu yojambulira zinthu pa kompyuta, kutengera mapiko anayi otsala aja, ndipo chinthu chonse sichinafike magalamu 30 a ulusi. Apa pokha pamafuna maso: mapiko a impela yotere amakhotera kumbuyo kwa kumene ikuzungulira. Ukaijambula ukuiyang'ana chakumsana, imatuluka yotembenuka, pampu n'kumatunga pang'ono uku mota ikudya magetsi ambiri.

Za ulusi sindinachedwe nazo. Ulusi wa mtundu wa PLA ndiwo wosavuta kusindikiza, koma umayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Amene amakhala kunyanja kuno akudziwa mmene chinthu chakuda chimatenthera chikakhala padzuwa masana mu Okutobala, ndipo pampu ikaima, kutentha kwa mota kumatsika ndi shafiti mpaka pakati pa impela. Wa mtundu wa PETG umapirira mpaka cha m'ma 80 ndipo suopa kukhala m'madzi. Tinasankha umenewo: kamwa ya pulinta ya mamilimita 0.4 pa madigiri 240, mbale yapansi pa 80, mzere uliwonse wokhuthala mamilimita 0.2, mkati modzaza kwathunthu kuti madzi asapeze pobisala n'kuilemeretsa mbali imodzi. Ulusi wa mnzangayo unali utayamwa chinyezi, umathetheka potuluka n'kumasiya tiubweya pakati pa mapiko. Titauumitsa maola angapo pa madigiri 65 unasiya.

Pamene pulinta imagonja ndi pa bowo lapakati. Makina otere amaphonya ndi pafupifupi mamilimita 0.2, ndipo mabowo ozungulira amakonda kutuluka ochepa: ukajambula 8.0, choyezera cha veniya chimakuwonetsa 7.8, komanso bowolo silikhala lozungulira kwenikweni. Ukhoza kulipala ndi dirilo, inde, koma vuto lenileni silimenelo. Mphamvu yonse ya mota imadutsa pa kamalo kophwatalala kaja. Pulasitiki ikakanikizidwa malo amodzi kwa nthawi yaitali, makamaka itafunda, imagonja pang'onopang'ono, ndipo mota ikamadzuka ndi kuima kangapo patsiku chifukwa cha mitambo, shafiti imamenya pomwepo mpaka bowo kukula. Ndimo mmene yakale ija inafera, chonsecho inali yakufakitale. Kuwonjezera apo, chinthu chosindikizidwa chimalimba motsatira mizere yake koma chimang'aluka msanga pakati pa mzere ndi mzere, ndiye kumanga sikuluwu molunjika m'pulasitiki n'kuing'amba ndi manja ako.

Lefu pamenepa ndi kwawo. Mmisiri wodziwa ntchito amafika mkati mwa mamilimita 0.02, ndipo bowo la 8 lomalizidwa ndi rima, chitsulo chosalazira mabowo, limalola shafiti kulowa mothina bwino popanda kugwedera. Choncho ndinasiya kufunsa kuti impela ipangidwe ndi makina ati, n'kuyamba kuyang'ana malo ndi malo: pamene pavuta maonekedwe koma katundu ndi wopepuka, pulinta, pamene maonekedwe ndi osavuta koma pakufunika muyezo wothina ndi mphamvu, lefu. Ndinakulitsa bowo pachojambula kufika mamilimita 14, n'kubwerera kwa amisiri aja kuti andisemere bushi ya bulasi, kunja 14, mkati 8, yokhala ndi sikuluwu ya M4, ya mamilimita 4, yotsikira pophwatalala pa shafiti. Bulasi sachita dzimbiri m'madzi. Iwo anawonjezera nzeru yawo: anaitema timizere topingasa kunja konse kuti guluu wa epokisi apeze pogwira, ndipo anati sikuluwuyo ikhale kumsana kwa impela, pa khosi la bushi lotulukira kunja, kuti isakhudze pulasitiki n'komwe.

Guluu atauma tinachita chinthu chimene ndikuona kuti ndicho chapulumutsa ntchito yonseyi. Tinaveka impela pa kachitsulo ka mamilimita 8, n'kuimanga pa lefu. Poizunguza pang'onopang'ono inkaoneka ndi maso kuti ikuvina, m'mphepete mukupita uku ndi uku pafupifupi mamilimita 0.3, chifukwa bushi sinakhale pakati penipeni. Ndinali nditasiyiratu nyama ya theka la milimita m'mphepete ndi pamwamba pa mapiko, ndiye bambo aja anangosenda mopepuka ndi mpeni wakuthwa kwambiri, pang'onopang'ono kuti PETG isasungunuke n'kumata. Kuvina kunatha. Nyamayo ndi yofunika kuisiya, chifukwa kutalika kumene pampu imaponya madzi kumatsika mofulumira kuposa mmene impela yachepera: kuchoka pa 62 kufika pa 60 wataya kale pafupifupi magawo 6 pa 100. Pamwamba pa mapiko tinasiya mpata wa mamilimita 0.4 ndi chivundikiro. Mpatawo ukakula madzi amabwerera m'mbuyo podumpha mapiko, ukachepa mapiko amakhula chivundikiro.

Poyesa ndinagwiritsa ntchito ndowa ya malita 20 ndi mita yoyezera magetsi. Pampu ikukweza madzi mamita atatu kuchokera pachitsime, ndowa ikudzaza mkati mwa mphindi imodzi, muvi wa mita sukudumphadumpha, ndipo ukagwira thupi la pampu silikunjenjemera. Phokoso lokhula palibenso.

Chomwe ndikuchiyang'anira tsopano ndi mchenga. Chitsime chakudimba n'chosaya, madzi ake amabwera ndi timchenga, ndipo timizere ta pulinta pa mapiko ndi poyambira pabwino kuperepeseka. Ndaika sefa pakamwa pa payipi, ndipo ikatha mwezi ndidzatsegula n'kuyezanso mpata wa 0.4 uja. Ukakhala utapitirira 0.8, ndisindikiza ina. Bushi ya bulasi ija ndidzangoitenthetsa, kuichotsa, n'kuiika mu yatsopanoyo.