Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Kope la Zithunzi ku Kasungu

Nditamaliza zaukwati zomwe ndinakamba sabata yatha, ndinapatsidwa ntchito yojambula kafilimu kakafupi ka alimi a fodya wa bale kwathu ku Kasungu. Mawu a wofotokoza anali atalembedwa kale. Ndalama ya mafuta inali yochepa, kamera imodzi, ndipo chilolezo chojambula mkati mwa okushoni ndinalibe.

Bambo wina yemwe anakalambira pa kamera ndiye anandikhazika pansi. "Mwanawe, usanyamuke usanadziwe chomwe munthu azidzaona pa chiganizo chilichonse." Tinatenga kope, tsamba nkuligawa pakati: kumanzere mawu, chiganizo chilichonse ndi nambala yake, kumanja zithunzi zophimbira mawuwo, zomwe timati biirolo. Kenako anandiuza ndiwerenge mokweza, iwo akuyang'ana wotchi.

Chiganizo cha 7 chinkati mlimi amadikira miyezi yambiri asanaone ndalama ya thukuta lake, ndipo mtengo umakadziwika fodya akafika ku okushoni. Chinatenga masekondi 12. Chithunzi chimodzi chikakhala kupitirira masekondi anayi kapena asanu, maso amatopa, choncho panafunika zitatu. Ine ndikanangolemba "okushoni", malo omwe sindikanalowa. Iwo anandifunsa kuti, kodi okushoniyo imasiya zizindikiro zanji pakhomo pa mlimi? Tinalemba chigafa chonse chikuonekera patali, manja akudinda belo pa jeke, ndi seloshiti ya chaka chatha, pepala losonyeza mmene fodya anagulidwira ku okushoni, ili m'manja mwa mlimi, chala chitaphimba dzina ndi nambala. Zonse pakhomo limodzi. Chilichonse ndinkachijambula masekondi 10 kamera ili duu, kuti podula pakhale potsala.

Chiganizo cha nazale chinandivuta kwambiri. Unali mwezi wa Epulo, anthu akusankha fodya, pomwe nazale amafesa fodya asanaokedwe, mvula isanayambe. Kujambula dimba la ndiwo nkumati ndi nazale ndi bodza, ndipo mlimi aliyense wa kwa Santhe kapena ku Chamama angaligwire pomwepo. Mpaka lero sindivomera zimenezo. Tinachotsa chiganizocho m'kamwa mwa wofotokoza, mlimi mwini nkuchinena yekha pa kamera, keni yothirira ili pambali pake.

Titamaliza, mndandanda wonse ndinaukoperanso, ulendo uno motsata malo osati motsata nkhani: zapachigafa pamodzi, zapamsewu pamodzi, nambala ya chiganizo ili pambali pa chithunzi chilichonse. Zimenezi ndi zomwe zinapulumutsa mafuta, chifukwa ziganizo za 2, 7 ndi 11 zinathera pamalo amodzi. Ndisanatsanzike pakhomo paja ndinkawerenga zomwe ndachonga. Chiganizo chosachongedwa chimadzaonekera pa kompyuta, pomwe umayamba kubwereza chithunzi chimodzimodzi kawiri kapena kuchikoka kuti chitalike, kumudzi kuli kutali.

Sabata yamawa ndidzakamba za mphepo yomwe inkalowa m'maikolofoni pojambula mawu a mlimiyo.