Zimene ndaphunzira pa mgwirizano wa mtendere wa ku Mozambiki

Teremu ino tikuphunzira za mapangano ogawana mphamvu nkhondo yapachiweniweni ikatha. Anzanga ambiri anasankha kulemba za mayiko akutali, koma ine ndinasankha Mozambiki chifukwa kwathu kuno ku Muloza nkhondo ija sitinaimvere pa wailesi yokha. Mayi anga amasimba kuti mu 1986, nkhondo itakula m'chigawo cha Zambezia, anthu ankawoloka kuchokera ku Milange atasenza mphasa ndi miphika, ndipo banja lina linakhala m'khitchini mwathu kwa zaka. Dziko lonse la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni.

Ndisanayambe kuwerenga ndinkaganiza kuti Frelimo, chipani cholamula, ndi Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma, anagawana boma. Zoona zake si zimenezo. Mgwirizano umene pulezidenti wa nthawiyo Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio, sunapatse Renamo unduna ngakhale umodzi. Chimene anagawana ndi gulu lankhondo. Anagwirizana kuti asilikali atsopano akhale 30,000, theka lochokera ku boma ndi theka lochokera ku Renamo. Asilikali amene anatula zida analandira malipiro kwa zaka ziwiri kuti akayambire moyo kumudzi. Bungwe la mgwirizano wa mayiko onse linakhazikitsanso thumba la ndalama lothandiza Renamo kuti isinthe kuchoka pa gulu la m'tchire n'kukhala chipani.

Ndikayang'ana zinthu zitatuzi ndimaona kuti zonse zinkayankha funso limodzi la munthu wogwira mfuti: ndikaitula, adzanditeteza ndani, nanga ndidzadya chiyani? Funso limeneli likapanda yankho, palibe amene amatuluka m'tchire. Ku Angola chaka chomwecho cha 1992 anachita chisankho magulu awiri ankhondo asanaphatikizidwe bwino, Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu lomenyana ndi boma, anakana zotsatira, nkhondo inayambiranso. A ku Mozambiki anaphunzirapo, anachedwetsa chisankho mpaka Okutobala 1994 kuti zida ziyambe zatulidwa. Asilikali eniake anali atatopa, moti amene anadzipereka kulowa gulu latsopano anali pafupifupi 12,000 okha. Mfuti zinakhala chete zaka 20. Munthu amene anaona anthu odulidwa makutu sangachepse zaka zimenezi, ndipo inenso sindizichepsa.

Koma pamene ndakhalitsa ndi pa zotsatira za chisankho cha 1994. M'nyumba ya malamulo ya mipando 250, Frelimo inapeza 129, Renamo 112. Renamo inatsogola m'zigawo zisanu: Sofala, Manica, Tete, Nampula ndi Zambezia, chigawo cha anansi athu a ku Milange. Komatu malamulo aakulu a dziko ankapatsa pulezidenti mphamvu yosankha bwanamkubwa wa chigawo chilichonse, ndipo Chissano anasankha a chipani chake okhaokha. Anakananso boma la mgwirizano limene mayiko ena ankamulimbikitsa. Tsono munthu wa ku Milange amene chigawo chake chinavotera Renamo anadzuka m'mawa n'kupeza kuti womulamulira ndi yemwe uja wa kale. Apolisi nawo sanaphatikizidwe ngati mmene anachitira asilikali, choncho Dhlakama anapitiriza kusunga amuna ake okhala ndi zida ponena kuti ndi omulondera. Zimene zinagawidwa zinali zotha: malipiro anatha patapita zaka ziwiri, thumba la ndalama linatha, ndipo Renamo inayamba kudandaula kuti akuluakulu ake a usilikali akupumitsidwa ntchito mmodzimmodzi. Zokhalitsa, monga ulamuliro wa zigawo ndi apolisi, zinatsala m'manja amodzi.

Akuluakulu amati mlandu suola. Mu 2012 Dhlakama anabwerera kutchire ku Gorongosa, mu 2013 kuwomberana kunayambiranso, ndipo pofika 2016 tinalandiranso othawa nkhondo ku Kapise, m'boma la Mwanza. Nkhani imene ankakanganirana inali yomwe ija inasiyidwa ku Roma: abwanamkubwa ndi malo a anthu a Renamo m'gulu lankhondo ndi m'polisi. Chimene chinandikhudza n'chakuti nthawi zonse mkangano unkatha pokhapokha atsogoleri awiri akumane kapena aimbirane foni. Khoti kapena bungwe loyendetsa zisankho limene mbali zonse zikanalikhulupirira panalibe. Pamenepa ndi pamene ndaona chizindikiro chodziwira kuti pangano silinamere mizu: ngati woluza akuona kuti mfuti imamupezera zambiri kuposa mpando wa m'nyumba ya malamulo, ndiye kuti mtendere ukudalira moyo ndi mtima wa anthu awiri.

Mu 2018, chaka chimene Dhlakama anamwalira, malamulo anasinthidwa kuti abwanamkubwa azichokera m'chisankho. Pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa Dhlakama, anasaina mgwirizano wina mu Ogasiti 2019. Koma lamulo lomwelo linaikanso mlembi wa boma m'chigawo chilichonse, wosankhidwa ndi pulezidenti, amene anatenga mphamvu zambiri. Pa chisankho cha Okutobala 2019 Frelimo inatenga zigawo zonse 10, Renamo n'kunena kuti yaberedwa.

Poyamba ndinalemba kuti yankho linali kugawana mipando yonse kuyambira pachiyambi. Aphunzitsi athu anandibwezera pepala atalemba m'mphepete kuti ndiwerenge za Lebanoni. Kumeneko pangano la Taif la 1989 linathetsa nkhondo ya zaka 15 pogawa mipando ya nyumba ya malamulo pakati ndi pakati, Akhristu theka, Asilamu theka. Pulezidenti amakhala Mkhristu wa Chimaroni, nduna yaikulu Msilamu wa Chisuni, sipikala Msilamu wa Chishiya. Panganolo linanena kuti kugawa maudindo potengera chipembedzo kudzathetsedwa pang'onopang'ono, koma silinaike tsiku, ndipo mpaka lero sikunathe. Amene akanakuthetsa ndi omwe amadyerapo. Ena mwa atsogoleri a magulu ankhondo anasanduka nduna, ndipo akasemphana zonse zimaima: kuyambira Okutobala 2022 mpaka Januwale 2025 dzikolo linalibe pulezidenti. Nzika imene ikufuna kuvotera mfundo osati chipembedzo imasowa polowera.

Apa mpamene ndinamvetsa kuti vutoli ndi lenileni. Kuti womenya nkhondo atule zida, umayenera kumulonjeza chinthu chimene chisankho sichingamulande. Koma kuti makhoti, apolisi ndi zisankho zikhale zolimba, pamafunika kuti wina aliyense athe kuluza udindo. Lebanoni inatsekera lonjezolo m'malamulo, dziko n'kuuma. Mozambiki inangolonjeza zapakanthawi, nkhondo n'kubwerera. Maganizo anga tsopano ndi akuti ku Roma akanaumirira pa chinthu chimodzi chowonjezera, chakuti zigawo zizisankha okha atsogoleri awo, chifukwa chimenechi sichipereka mpando kwa munthu kapena chipani mwa dzina, koma chimapatsa woluza dziko lonse malo oti alamulireko. Ndikuvomereza kuti mu 1992 boma linkaopa kuti dziko ligawika pakati, ndipo kuumirira kukanatha kutalikitsa nkhondo pa nthawi imene chilala chinkapha anthu.

Loweruka lapitali ndinapita kumsika wa Limbuli, ndinakumana ndi bambo wina wachikulire wa kutsidya amene amabwera ndi chimanga panjinga. Ndinawafunsa ngati pangano la ku Roma linali labwino. Anandiyankha kuti, "Mwanawe, chaka chimenecho ndinagona m'nyumba koyamba osavala nsapato." Nditafunsa za abwanamkubwa anangopukusa mutu, n'kuyamba kumasula thumba lawo. Pepala langa ndikapereka Lachisanu, ndipo ndime yokhudza apolisi ndiyenera kuilembanso.