Mmene ndinasamalira Tayiga miyendo itayamba kuuma, maso nawo akuzima

Tayiga, galu wanga, atafika zaka 12 anayamba kuima pakhomo lotulukira panja, pomwe pali masitepe atatu. Ankaimika mutu n'kumangonunkhiza, osatsika. Funso lomwe ndinayenera kuyamba kuyankha linali lakuti: kodi akuopa chifukwa sakuona pomwe sitepe yathera, kapena akudziwa kuti akatsika chiuno chimuwawa? Mavuto awiriwa amabisana. Galu amene sakuona bwino amayenda mokayika, ndipo amene mafupa akumuwawa amayendanso chimodzimodzi, choncho munthu ukhoza kulimbana ndi limodzi pomwe lomwe likumusautsa kwambiri ndi linalo.

Ndisanapite naye kwa dokotala wa ziweto ndinayamba ndamuonetsetsa pakhomo. Nyamakazi ya molumikizana mafupa ili ndi khalidwe lake: imavuta kwambiri galu akangodzuka, kenako akayendayenda pang'ono thupi limamasuka. Tayiga ankadzuka poyamba ndi miyendo yakutsogolo, n'kukhala kaye chokhala, kenako n'kudzikoka kuti yakumbuyo iimirire. Ntchafu zake zinali zitaphwa pomwe mapewa anali atanenepa, chifukwa ankasenzetsa thupi lonse miyendo yakutsogolo. Sankalira ayi. Agalu ambiri a nyamakazi salira, amangosiya kuchita zinthu zomwe ankachita kale, ndipo ife timangoti ndi ukalamba. Ndinamujambula pa foni akudzuka m'mawa, chifukwa galu akafika kuchipatala mantha amamulimbitsa n'kumayenda ngati bwinobwino.

Maso ndinawayesa ndi thonje. Umatenga kampira ka thonje n'kukagwetsa patsogolo pa galu, chakumbali kwa diso limodzi, kenako linalo. Thonje siliphokosera likagwa ndipo lilibe fungo loti n'kumukopa, ndiye akalitsatira ndi maso ndiye kuti waliona. Masana Tayiga ankalitsatira ndi diso lakumanzere, lakumanja ayi. Madzulo kuli chisisira sankaliona n'komwe.

Adokotala anayamba ndi kumupinda mwendo uliwonse pang'onopang'ono. Atafika pa chiuno n'kuwongolera mwendo chakumbuyo, Tayiga anatembenuka mwamsanga n'kunyambita dzanja lawo. "Mwaona, bambo? Apa ndi pomwe pakumuwawa," anatero. Anapindanso phazi lakumbuyo n'kuliimika chagada, ndipo Tayiga analibweza nthawi yomweyo. Anandifotokozera kuti galu akalisiya phazi chopindika, kapena akamakwekweza zala mpaka zikhadabo kuperepeseka pamwamba, vuto limakhala la mitsempha ya kumsana, ndipo limenelo ndi nkhani ina.

Pa maso anandiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe kwa ife zimaoneka zofanana. Pafupifupi galu aliyense akapitirira zaka 7 kapena 8, mkati mwa diso mumayamba kuoneka kautsi kobiriwira motuwa. Kumeneko ndi kulimba chabe kwa kagalasi ka m'diso, kuwala kumadutsabe ndipo galu amaonabe. Ng'ala ndi yosiyana: imayera, ndipo imatchinga kuwala. Diso lakumanja la Tayiga linali ndi ng'ala yokhwima, lakumanzere inali itangoyamba. Anandifunsa ngati akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, chifukwa matenda a shuga amabweretsa ng'ala mofulumira kwambiri mwa agalu. Magazi anasonyeza kuti shuga alibe. Mankhwala odontheza ochotsa ng'ala kulibe, imachoka ndi opaleshoni basi. Titaganizira msinkhu wake, komanso kuti diso limodzi linkathandizabe, tinagwirizana zoisiya n'kumaiyang'anira. Koma anandichenjeza mwamphamvu kuti diso likangofiira, kutupa, kapena iye akamalitsinzina ndi kulikanda, ndisadikire mawa. Ng'ala yokhalitsa imatha kuyambitsa kutupa m'kati mwa diso kapena kuchulukitsa mphamvu ya madzi a m'diso, zomwe zimawawa koopsa ndipo zingaphe diso m'masiku ochepa.

Magazi omwewo anayezanso impso ndi chiwindi, ndipo apa m'pomwe ndikufuna kuchedwapo pang'ono. Mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa omwe agalu amapatsidwa amadalira impso ndi chiwindi zabwino, choncho sayambidwa mwachisawawa kwa galu wokalamba. Adokotala anamulembera Tayiga melokisikamu wamadzi, amene mililita imodzi imakhala ndi mamiligalamu 1.5. Muyezo wake ndi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu iliyonse tsiku loyamba, kenako 0.1 kamodzi patsiku. Iye ankalemera makilogalamu 30, ndiye tsiku loyamba anamwa mamililita 4, masiku otsatira mamililita 2, nthawi zonse pamodzi ndi chakudya. Ndikutchula manambalawa kuti muone mmene amawerengera, osati kuti mukayambe nokha, chifukwa mankhwala omwewa amabwera ndi mphamvu zosiyanasiyana ndipo mapiritsi a anthu ndi amphamvu kwambiri kwa galu.

Malamulo ake ndinawalemba papepala n'kumata pomwe ndimasunga botolo. Akasanza, akatsegula m'mimba, akakana kudya, kapena chimbudzi chikada ngati phula, kusiya mankhwala tsiku lomwelo n'kuimbira adokotala, popeza chimbudzi chakuda chimatanthauza kuti m'mimba mukutuluka magazi. Osawaphatikiza ndi mankhwala ena a mtundu womwewo, ngakhale asipirini, komanso osawaphatikiza ndi puredinisoloni. Ndipo bulufeni ndi dikilofenaki, zomwe anthufe timameza tikamva msana, kwa galu ndi poizoni: zimaboola m'mimba n'kuononga impso. Mlendo wachifundo akhoza kumupatsa piritsi poona akutsimphina, ndiye aliyense wa m'nyumba ndinamuuza.

Patapita milungu ingapo yankho la funso langa lija linaoneka lokha. M'mawa ankadzuka mosavuta, n'kuyambanso kudzinyanyamula. Masana masitepe aja ankatsika, koma madzulo ankaimabe. Ndiye kuti ululu unali utachepa, chotsala chinali maso. Ndi chifukwa chake ndimalangiza kuyamba ndi ululu: ukauchotsa, zomwe zatsala umaziona bwino.

Kenako ndinatembenukira pansi pomwe amaponda. Pansi poterera, kaya pa matailosi kapena simenti yopolishidwa, ndi mdani wa galu wotere. Miyendo yakumbuyo imatagadza, iye n'kumalimbitsa minofu tsiku lonse poopa kugwa, ndipo pofika usiku amakhala atatheratu. Ndinayala makapeti aatali okhala ndi labala kunsi, kuchokera pogona pake kukafika pa mbale ya madzi, ndi kuchokera pamenepo kukafika pakhomo. Makapetiwo anagwira ntchito ziwiri: anamuteteza kuterereka, komanso anakhala njira yomwe mapazi ake ankaiwerenga. Akamva kuti waponda pozizira ankadziwa kuti wapatuka. Pamwamba pa masitepe ndinaikapo kachiguduli kokhakhala kosiyana ndi kwina konse, kuti phazi lizimuuza kuti kutsogoloku n'kotsika, ndipo ndinaika getsi lounikira pamenepo madzulo. Pambuyo pake theka la masitepewo ndinalivundikira ndi thabwa lalikulu lotsetsereka pang'ono, lokutidwa ndi kapeti. Sanalikhulupirire msanga. Ndinkamuyendetsapo masana ndi chingwe, nditagwira kachakudya pafupi ndi mphuno yake, mpaka anazolowera.

Zikhadabo nazo musazinyozere. Galu akachepetsa kuyenda zikhadabo zimakula, ndipo zikamagunda pansi zimakankhira zala m'mwamba n'kusintha kaimidwe konse. Mukamamva "ta ta ta" akamayenda, zatalika. Ndinkawenga pang'onopang'ono kunsonga kokha, kuopa kufika pa mnofu wa m'kati umene umatuluka magazi, n'kumetanso ubweya wa pakati pa zala chifukwa umaterera. Koma ndevu za kumlomo ayi, zimenezo ndi zomwe amakhudzira zinthu asanazigunde ndi nkhope.

Lamulo lovuta kwambiri m'nyumba linali losasuntha katundu. Galu amene akutaya maso pang'onopang'ono amasunga mapu a nyumba m'mutu, moti mlendo sangadziwe kuti saona. Mpando ukasunthidwa, chikwama chikasiyidwa panjira, kapena chitseko chikatsegulidwa mwatheka, iye amakagunda. Chitseko chizikhala chotsegula kwathunthu kapena chotseka. Mbale ya madzi isachoke pamalo pake. Komanso pomunyamula, osakamutsitsa pakati pa chipinda, chifukwa sadziwa pomwe wafikira. Ndinkamutsitsira pogona pake kuti ayambire pamalo odziwika. Pogonapo ndinaika matiresi olimbako, ochindikala pafupifupi masentimita 10, kutali ndi mphepo. Ofewa kwambiri amaoneka achifundo koma galu amamiramo n'kulephera kudzuka.

Ndinamuphunzitsanso mawu atatu: "ima", "kwera", "tsika". Ndinkawanena nthawi iliyonse tikafika pa chinthu chenicheni, pamene diso lakumanzere linkaonabe, kuti mawuwo adzakhale atakhazikika maso akadzatheratu. Ndipo ndisanamugwire, makamaka ali mtulo kapena ndikachokera mbali ya diso losaona, ndimayamba ndamutchula dzina. Galu wofatsa akhoza kuluma akadzidzimutsidwa, makamaka dzanja likafikira pachiuno chowawa. Ana ndi amene amafunika kuuzidwa zimenezi mobwerezabwereza.

Ena amaganiza kuti galu wa nyamakazi azingogona. Ayi ndithu, minofu ikaphwa mafupa amatsala opanda chowagwira. Chomwe chimasintha ndi kayendedwe. M'malo mwa ulendo umodzi wautali, ndinaugawa m'maulendo aafupi a mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu patsiku, panjira yosalala yomweyomweyo, kukadali kowala, atavala lamba wa pachifuwa osati wa pakhosi. Muyezo wake ndi tsiku lotsatira: akadzuka wouma kuposa dzulo, ndiye kuti tinapyola, ndipo ndimachepetsa. Kuthamangitsa mpira ndi kudumpha tinasiya. Masiku ozizira omwe miyendo imakana, ndimapisa thaulo pansi pa mimba yake n'kugwira nsonga zonse ziwiri kuti ndimuthandize kuimirira.

Chotsiriza, chomwe chinatenga miyezi, chinali kuchepetsa thupi. Nthiti zake sizinkamveka pokhapokha utadinikiza zala, pomwe zimayenera kumveka ukangosisita. Kwa galu wonenepa wa nyamakazi, kutsitsa thupi ndi magawo 6 okha pa 100 kumachepetsa kutsimphina moonekeratu, ndipo kwa Tayiga zimenezi zinali zosakwana makilogalamu awiri. Ndinayamba kuyeza chakudya chake pa sikelo m'malo mongoyerekeza ndi maso, ndipo tizakudya tomunyengerera pa thabwa lija ndinkatichotsa pa gawo lake la tsikulo. Kutsika kwabwino ndi kwapang'onopang'ono, gawo limodzi kapena awiri pa 100 pa mlungu. Atafika makilogalamu 27 adokotala anatsitsa melokisikamu kufika pa mamililita 1.8, n'kutenganso magazi kuti aone impso, ndipo anati tizibwereza kuyezako miyezi 6 iliyonse malinga ngati akumwabe mankhwalawo.